Masekondi 30 pa wayilesi: sitolo ya hadiweya ipemphe chinthu chimodzi basi

Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ikafika, m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati cha Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Angonia m'dziko la Mozambique mumakhala mutayamba kufuka utsi wa mauvuni a njerwa. Fodya, soya ndi mtedza zimakhala zitagulitsidwa, ndipo banja lomwe lakhala likugona ndi mabeseni dzinja lathali limayamba kukambirana zofolera nyumba ndi malata mvula ya mu Novembala isanagwe. Eni masitolo a hadiweya a m'misika ya kumidzi amayidziwa bwino nyengo imeneyi. Ndi nthawi yomwe ambiri a iwo amapita ku wayilesi ya m'dera lawo kukagula masekondi 30 oti alengezere malonda awo.

Kale mwayi wotere kunalibe. Kwa zaka zambiri dziko la Malawi linali ndi wayilesi imodzi yokha ya MBC, ndipo olengeza malonda anali makampani akuluakulu a m'mizinda. MBC Radio 2 inayamba mu 1997, Zodiak mu 2005, ndipo m'zaka zomwezi munabadwanso mawayilesi a m'madera monga Dzimwe ya m'boma la Mangochi, ya Nkhotakota ndi Mudzi Wathu ya ku Mchinji. Ku Chipata kuli Breeze FM yomwe imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Kubwera kwa mawayilesi amenewa kunachititsa kuti ngakhale mwini sitolo ya chipinda chimodzi, kapena gulu la alimi lomwe latsegula sitolo ndi ndalama za banki m'khonde, lithe kumveka pa wayilesi.

Kumveka kokha sikugulitsa lata. Ndalama zambiri zimapita pachabe chifukwa uthenga wake unalembedwa ngati chikwangwani cha pakhoma, pomwe khutu siligwira ntchito ngati diso. Wowerenga chikwangwani amatha kuima, kubwerera pamzere woyamba, ngakhale kukopera nambala papepala. Womvera wayilesi amakhala akusenda mtedza, akukonza njinga kapena akuthira ndiwo mchere, ndipo mawu akadutsa adutsa. Uthengawo ukatha, m'mutu mwake mumatsala kanthu kamodzi. Ntchito ya wolemba ndi kusankha kanthu kameneko iye mwini, osakasiyira mwayi.

Uthenga woyamba wa mwini sitolo

Chitsanzo chomwe nkhani ino ikutsata ndi chongoyerekeza, ndipo sitoloyo ingotchedwa Kwa Uje Hadiweya. Ili pamsika wina wa kumudzi, moyang'anana ndi chigayo, ndipo tsiku la msika kumeneko ndi Loweruka. Mwini wake waoda malata ambiri pokonzekera nyengo yomanga, ndipo ndalama zake zambiri zagona m'malatamo. Akapanda kuwagulitsa mvula isanayambe, adikira mpaka chaka chamawa, popeza ikafika Novembala ndalama ya mlimi imathamangira ku feteleza ndi mbewu.

Atauzidwa kuti alembe zomwe akufuna kuti wolengeza anene, mwini sitoloyo analemba zomwe pafupifupi wamalonda aliyense amalemba koyamba:

"Kwa Uje Hadiweya! Kwa Uje Hadiweya! Tili ndi simenti, malata, misomali, penti, mapaipi, makasu, zikwanje, mawilibala, maloko, mahinjesi, mawaya a magetsi ndi zina zambiri pa mitengo yotsika zedi. Timatsegula tsiku lililonse kupatula Lamulungu, kuyambira hafu seveni m'mawa mpaka faifi koloko madzulo. Tipezeni pamsika moyang'anana ndi chigayo, kapena tiyimbireni pa nambala iyi, kapena tilembereni pa WhatsApp. Muthanso kupita ku nthambi yathu ya kuboma. Kwa Uje Hadiweya, bwenzi lanu pa zomangamanga!"

Palibe bodza lililonse m'mawuwa, ndipo n'zomveka kuti munthu yemwe walipira ndalama zake afune kuti katundu yense wa m'sitolo atchulidwe. Koma uthengawu uli ndi zilema ziwiri. Choyamba, sungakwane m'masekondi 30. Chachiwiri, ngakhale ukanakwana, sukuuza womvera chochita. Watchula mitundu 11 ya katundu yomwe imapezeka m'hadiweya iliyonse, kenaka wapereka njira zinayi: kupita pamsika, kuimba foni, kulemba uthenga, kapena kupita kuboma. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Womvera wopatsidwa njira zinayi amasankha yachisanu, yomwe ndi kupitiriza kusenda mtedza wake.

Kuwerenga maphatikizo, osati mawu

Mabuku ambiri ophunzitsa kulemba malonda a pa wayilesi analembedwera Chingerezi, ndipo amalangiza mawu pafupifupi 70 kapena 75 pa masekondi 30. Wolemba Chichewa akatsata chiwerengero chimenechi amagwa nacho. Mawu a Chichewa ndi aatali chifukwa amanyamula zambiri m'kati mwake. Liwu limodzi loti "tikuwerengerani" likunena yemwe achite ntchito, yemwe achitiridwe, ndi ntchito yake, ndipo kulitchula kumatenga nthawi yoposa sekondi yathunthu.

Njira yodalirika ndi yomwe ana amaphunzira ku pulayimale, yowerenga maphatikizo. M'Chichewa ndi yosavuta, chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Wolemba amangowerenga malembo a liwuwo, n'kuwonjezapo "m" yemwe amaima payekha m'mawu monga "m'litali" kapena "pamsika". Wolengeza woyankhula momveka, osathamanga, amatchula maphatikizo pafupifupi asanu pa sekondi. Ichi ndi chiyerekezo choyambira chabe, poti anthu amasiyana mayankhulidwe, koma chimapereka malire: maphatikizo 150 ndiwo angadzaze masekondi 30 popanda kupuma. Popeza uthenga umafunanso mpweya ndi kaphokoso koyambira, malire enieni ali cha m'ma 130, omwe ndi mawu pafupifupi 45 mpaka 50.

Uthenga wa mwini sitolo uja uli ndi mawu 69 ndi maphatikizo pafupifupi 190. Amenewa ndi masekondi 38 nambala ya foni isanatchulidwe n'komwe. Nambala ya foni ya m'manja ku Malawi ili ndi manambala 10, ndipo kuyitchula mofatsa kuti munthu ayimve kumadya masekondi asanu kapena kuposerapo. Kamodzi sikakwana, choncho imatchulidwa kawiri. Uthenga wonse ukufika pafupifupi masekondi 50.

Pepala lotere likafika ku situdiyo, pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Wayilesi imauza mwini sitolo kuti alipire mtengo wa uthenga wautali, kapena wolengeza amauthamangitsa kuti ukwane. Aliyense womvera wayilesi anamvapo malonda oyankhulidwa ngati munthu akuthawa galu, mawu akupondana, nyimbo ikulira pamwamba pake. Choyamba kutayika pa kuthamangako ndi mawu akumapeto, ndipo kumapetoko ndi komwe kuli dzina la sitolo ndi malo ake.

Kusankha pempho

Asanalembe chiganizo chilichonse, wolemba amafunsa mwini sitolo funso limodzi: munthu akamva uthengawu, achite chiyani, ndipo liti? Yankho loti "adziwe kuti tilipo" silokwana, chifukwa anthu a m'deralo amadutsa pakhomo pa sitoloyo Loweruka lililonse ndipo akuyidziwa kale. Yankho loti "agule" nalonso ndi lotambalala kwambiri. Pempho labwino ndi lomwe munthu angalijambule pa chithunzi chimodzi: uje akulowa m'sitolo yakuti, tsiku lakuti, atanyamula chakuti.

Kuti alipeze, wolemba amayenera kudziwa chomwe chikuchedwetsa wogula. Banja lomwe likufuna kufolera nyumba nthawi zambiri siliima chifukwa chosadziwa komwe kuli malata. Limaima chifukwa silikudziwa kuti pakufunika malata angati, a mafiti angati, ndi makilogalamu angati a misomali, kotero silingadziwe ngati ndalama ya soya ikwane. Likuopanso kugula operewera n'kubwereranso ndi ngolo, kapena kugula opitirira n'kutaya ndalama ya feteleza. Mmisiri angathe kuwerengera, koma si banja lililonse lomwe limakhala litapangana kale ndi mmisiri.

Apa ndi pomwe Kwa Uje Hadiweya ili ndi choti ipereke chomwe sichiyidyera ndalama: kuwerengera wogula mwaulere. Pempho lake likhala loti munthu abwere Loweruka ndi muyezo wa nyumba yake. Wina anganene kuti apa pali ntchito ziwiri, kuyeza ndi kubwera, koma ndi ulendo umodzi wokhala ndi poyambira ndi pothera. Womvera sakupatsidwa mphambano yoti asankhe. Ubwino winanso ndi woti sitepe yoyamba ndi yaulere ndipo ingachitike madzulo omwewo ndi chingwe kapena tepi yobwereka. Munthu amene wayeza nyumba yake n'kulemba manambala pakapepala wayamba kale ulendo wa ku sitolo.

Simenti, penti, maloko ndi mawilibala zatsala kunja, ndipo apa ndi pomwe eni masitolo ambiri amavutika mumtima. Yankho lake ndi loti wobwera kudzawerengetsa malata adzaona matumba a simenti ndi maso ake. Ngati simenti ikufunika uthenga, idzakhale ndi wakewake mwezi wina.

Uthenga wolembedwanso

Papepala lopita ku situdiyo, wolemba amaika kumanzere dzina la woyankhula kapena phokoso lofunika, ndipo kumanja mawu enieni oti anenedwe. Kulemba koyamba kwa uthenga watsopanowu kunali ndi maphatikizo 143, omwe pamodzi ndi phokoso loyambira anapitirira malire. Panadulidwa "kodi" pachiyambi pa funso la mayi, panadulidwa "mayi" pa yankho la bambo, ndipo panachotsedwa chiganizo chokoma ndithu choti "mugule zokwanira basi". Chotsala ndi ichi:

PHOKOSO: Bingu chapatali, kenaka madontho akugwera m'beseni (masekondi atatu).

MAYI: Bambo a mwana, chaka chino tigonanso ndi mabeseni?

BAMBO: Ndalama ya soya ilipo, koma malata ake angati?

WOLENGEZA: Yezani nyumba yanu m'litali ndi m'lifupi. Bwerani ndi muyezowo Kwa Uje Hadiweya, moyang'anana ndi chigayo cha pamsika. Tikuwerengerani malata ndi misomali mwaulere. Kwa Uje Hadiweya, moyang'anana ndi chigayo. Bwerani ndi muyezo Loweruka lino.

Mawu ndi 49, maphatikizo 130. Pa liwiro la maphatikizo asanu pa sekondi, kuyankhula kukutenga masekondi 26. Kuwonjeza atatu a phokoso, akukwana 29, ndipo sekondi imodzi yatsalira kupuma.

Masekondi atatu oyambawo angaoneke ngati otayika, popeza palibe akuyankhula, koma ndiwo amatembenuza khutu. Bingu m'mwezi wa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, ndi chinthu chosayembekezeka, ndipo kulira kwa dontho m'beseni la chitsulo sikufuna womasulira kwa munthu yemwe anagonapo m'nyumba yodontha. Uthenga woyamba uja unayamba ndi dzina la sitolo, pa nthawi yomwe womvera anali asanatchere khutu. Uwu ukuyamba ndi vuto la womverayo, ndipo dzina likubwera cha pakati, khutu litatseguka kale.

Kukambirana kwa mayi ndi bambo kwapatsidwa ziganizo ziwiri zokha, pafupifupi masekondi asanu ndi awiri. Pamenepa pali msampha womwe olemba ambiri amagweramo. Kasewero kamakoma kulemba, ochita sewero amafuna kuseketsa, ndipo posakhalitsa nthabwala zimadya masekondi 20. Anthu amaseka, mawa lake amabwereza nthabwalayo pachitsime, koma ukawafunsa kuti inali ya sitolo iti sadziwa. Mu uthengawu mayi akutchula vuto, bambo akutchula chomwe chikuwachedwetsa, ndipo ntchito yawo yathera pomwepo. Mayi akuitana mwamuna wawo kuti "bambo a mwana" monga zimakhalira m'mabanja ambiri, ndipo palibe yemwe akunyozedwa. Malonda omwe amasandutsa bambo chitsiru kapena mayi wolongolola amakhumudwitsa theka la anthu omwe akuyenera kugwirizana za ndalamayo.

Wolengeza akutchula dzina la sitolo kawiri, malo kawiri, ndi pempho kawiri, ndipo pempholo ndilo likutseka. Malo atchulidwa ndi chizindikiro chomwe aliyense akuchidziwa, chigayo, osati nambala ya poloti kapena dzina la msewu lomwe limadziwika ku ofesi ya khonsolo kokha. Ngati pamsikapo pali zigayo ziwiri, wolemba asankhe chizindikiro china, monga siteji ya minibasi kapena mtengo wa kachere. Ngati wayilesiyo imamveka m'misika ingapo, mawu oti "cha pamsika" alowedwe m'malo ndi dzina la msikawo, ndipo maphatikizo awerengedwenso.

Kalinso kanthu kakang'ono pa liwu loyamba la wolengeza. Anthu ena amati "kuyesa" nyumba, ena "kuyeza". Papepala onse awiri amamveka, koma pa wayilesi "yesani" angamveke ngati kuuza munthu kuti ayesere. N'chifukwa chake palembedwa "yezani", ndipo mawu oti "m'litali ndi m'lifupi" akutsatira pomwepo kuti pasakhale chikaiko.

Za foni ndi za mitengo

Nambala ya foni yachotsedwa chifukwa pempho ndi loti munthu abwere, osati aimbe. Sitolo yomwe ntchito yake yaikulu ndi kukatula katundu pakhomo ingasankhe kuimba foni kukhala pempho lake, ndipo pamenepo nambala itchulidwe kawiri, m'magulu a manambala atatu kapena anayi, malo a sitolo n'kusiyidwa. Zonse ziwiri sizingakwere njinga imodzi.

Mtengo nawonso wasiyidwa dala. Mtengo umakopa, koma uthenga wojambulidwa umauluka kwa masabata, pomwe mitengo ya zipangizo zomangira simachedwa kusintha. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Sitolo yomwe inali ndi mtengo pa wayilesi m'masiku amenewo inayenera kusankha pakati pa kugulitsa moluza ndi kukangana ndi ogula pakauntala. M'madera a m'malire mulinso vuto lina: Malawi ndi Zambia onse ndalama yawo ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Uthenga womveka ku Mchinji ndi ku Chipata komwe ukatchula mtengo osanena kuti ndi kwacha ya dziko liti, wina amva zosiyana ndi zomwe mwini sitolo amatanthauza.

Ngati mwini sitolo waumirira kutchula mtengo, utchulidwe umodzi, wa chinthu chimodzi, chofotokozedwa mokwanira. Pa malata, zimenezi zikutanthauza kutalika kwake m'mafiti ndi geji yake. Alimi ambiri amadabwa kumva kuti nambala ya geji ikakhala yaing'ono lata limakhala lochindikala: la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 32. Uthenga womwe ukulengeza mtengo wa lata lopyapyala koma osatchula geji, n'kusiya womvera aganize kuti ndi lochindikala, ukusocheretsa anthu. Ku Malawi madandaulo otere amapita ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo ku Zambia ku Competition and Consumer Protection Commission. Koma pamsika wa kumudzi chilango chimafika bungwe lisanamve, chifukwa wogula mmodzi wokhumudwa amauza mudzi wonse.

Liwu loti "mwaulere" nalo ndi lonjezo. Loweruka likafika, pakauntala payenera kukhala munthu wodziwa kuwerengera. Muyezo wa m'litali ndi m'lifupi ndi poyambira chabe. Wowerengerayo afunsenso ngati denga ndi la mbali ziwiri kapena imodzi, kutsetsereka kwake, ndiponso ngati pali khonde. Mwachitsanzo, nyumba yotalika mamita 8 ikapatsidwa masentimita 30 otulukira mbali iliyonse, denga lake limatalika mamita 8.6. Ngati lata la mtundu womwe uli m'sitolomo likuphimba masentimita 70 likasanjikizana ndi linzake, mbali imodzi ifuna malata 13, ndipo mbali ziwiri 26. Masamu ake ndi ochepa, koma mnyamata wa pakauntala akapanda kuwadziwa, kapena akauza munthu kuti awerengeredwa pokhapokha atagula, uthenga wa masekondi 30 uja wasanduka bodza.

Kuuyesa usanapite ku situdiyo

Kuwerenga maphatikizo kumapereka chiyerekezo, koma woweruza weniweni ndi wotchi. Wolemba awerenge uthengawo mokweza, ataimirira, wotchi ya pafoni ikuyenda, ndipo achite zimenezi katatu. Kuwerenga chamumtima kumanamiza chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Pomwe lilime lapunthwa kapena mpweya wathera pakati pa chiganizo, pamenepo pakonzedwe. Ngati nthawi yapitirira, mankhwala ake ndi kudula mawu, osati kufulumiza.

Mayeso achiwiri ndi ofunika kuposa oyambawo, ndipo alangizi omwe amagwira ntchito ndi magulu omvera wayilesi ali ndi mwayi wowachita mosavuta. Uthenga ujambulidwe pafoni, kenaka useweredwe kamodzi kokha kwa anthu anayi kapena asanu omwe sanaone pepalalo, makamaka ali pa ntchito ina. Pakapita kanthawi afunsidwe aliyense payekha: ndi sitolo iti, ili pati, ndipo akuti muchite chiyani? Asafunsidwe ngati uthengawo wawasangalatsa, chifukwa mwaulemu aliyense adzati wakoma. Ngati ambiri akukumbukira mabeseni koma osati chigayo, sewero lakula kuposa uthenga. Ngati wina akuti "akuti tikagule malata" osatchula muyezo, pempho silinamveke ndipo liyenera kuyankhulidwa mofatsa kapena kupatsidwa kampata patsogolo pake.

Ku situdiyo, mwini uthenga amvere zomwe zajambulidwa pa kawayilesi kakang'ono kapena pa sipika ya foni, osati pa zokuzira mawu zazikulu za mu situdiyomo. Kumudzi uthengawo ukamvekera pa wayilesi ya mabatire ofooka, mphepo ikuwomba. Nyimbo yomwe ikumveka yofatsa mu situdiyo imatha kumiza mawu pa wayilesi yotere. Uthenga wa Kwa Uje ulibe nyimbo pansi pa mawu a wolengeza, ndipo sukusowa kanthu.

Kugula nthawi ndi kudziwa ngati yabweza

Mawayilesi amakhala ndi pepala la mitengo, ndipo kawirikawiri ndalama yojambulira uthenga imakhala yosiyana ndi youlutsira. Mtengo woulutsira umasiyananso malinga ndi nthawi ya tsiku. Nthawi zoyandikana ndi nkhani za m'mawa ndi zamadzulo zimadula chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amakhala pafupi ndi wayilesi. Mwini sitolo afunse mitengo yonseyi padera, ndipo pangano lilembedwe: masiku ati, nthawi yanji, kangati.

Ngati ndalama ikukwana kuulutsa maulendo 15, pali njira ziwiri zowagawira. Ina ndi kamodzi patsiku kwa masiku 15. Ina ndi katatu patsiku kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu la sabata imodzi. Kwa uthenga womwe ukuti "Loweruka lino", njira yachiwiri ndiyo yoyenera. Munthu amene waumva kamodzi amangodziwa kuti kuli uthenga wotere. Akaumva kachiwiri ndi kachitatu m'masiku oyandikana ndi pomwe dzina ndi malo zimakhazikika, ndipo amakhala ndi madzulo angapo oti ayeze nyumba. Mawu oti "lino" amafunanso kusamala: uthengawo usaulutsidwe Loweruka madzulo kapena Lamulungu ngati ntchito yowerengerayo inali ya Loweruka limodzi lokha. Ngati ipitirira mwezi wonse, uthenga womwewo ungabwerezedwe sabata iliyonse osajambulanso. Ndi bwinonso kuti wina wa m'sitolo azitchera khutu pa nthawi zomwe anapangana ndi kulemba m'kope, popeza pulogalamu ikatalika kapena magetsi akazima, uthenga umatha kudumphidwa popanda wofuna kuipitsa, ndipo wayilesi imabweza ikasonyezedwa tsiku ndi nthawi yake.

Funso lomwe limavuta amalonda ambiri ndi loti adziwa bwanji ngati wayilesi yabweretsa ogula. Kufunsa aliyense wolowa kuti "mwamva kuti za ife" sikuthandiza kwenikweni, chifukwa tsiku la msika pakauntala pamakhala piringupiringu ndipo anthu amayankha zoti akondweretse wofunsa. Pempho la muyezo limadziyankhira lokha. Sabata zam'mbuyo palibe yemwe ankalowa m'sitolomo ndi kapepala ka manambala a nyumba yake. Aliyense wobwera nako tsopano waumva uthengawo, kapena wauzidwa ndi yemwe anaumva. Mwini sitolo angokhala ndi kope la mizere itatu: obwera ndi muyezo, omwe agula tsiku lomwelo, ndi ndalama yomwe asiya.

Kopelo limasonyezanso pomwe pali vuto. Obwera ndi muyezo akakhala ochepa, cholakwika chili pa uthenga kapena pa nthawi youlutsira. Akakhala ambiri koma ogula ochepa, wayilesi yagwira ntchito yake ndipo vuto lili m'sitolo: mtengo, geji ya malata, kapena kalandiridwe ka alendo. Ena mwa omwe awerengeredwa osagula amakhala akukasonkhanitsa ndalama yotsala, ndipo amabwerera patapita sabata ziwiri kapena zitatu. N'chifukwa chake wowerengera alembe chiwerengero cha malata ndi misomali pakapepala ka wogulayo, adindepo chidindo cha sitolo ndi tsiku, ndipo kope lija lisatsekedwe mpaka mvula yoyamba itagwa.